Tayala likamatha mbali yamkati yokha

Galimoto ikaima pasiteji ya Migowi kapena paboma la Phalombe, diso la munthu limangoona phewa lakunja la tayala. Mizere ikaoneka yakuya pamenepo, mwini galimoto mtima umakhala m'malo ndipo wokwera sakayika kanthu. Komatu tayala lili ndi phewa lina loyang'ana kunsi kwa galimoto, ndipo kumeneko mphira imatha kudyeka mpaka mawaya kutuluka pamene kunja kukuoneka ngati tayalalo langogulidwa kumene. Kawirikawiri mwini wake amadzazindikira tsiku limene tayala laphulika, kapena pamene wokonza matayala walichotsa kuti amate poboola msomali.

Zikatero, mlandu umagwera sitolo imene inagulitsa tayalalo. Nthawi zambiri uku kumakhala kunamizira wosalakwa. Tayala lodyeka mbali imodzi yokha limasonyeza kuti silinkaponda msewu mmene linayenera kupondera, ndipo chimene chinkalipotoza chikadali pagalimotopo, chikudikira tayala latsopano. Ubwino wake ndi wakuti kadyekedwe ka mphira kamasiya zizindikiro zowerengeka ndi maso, dzanja, tepi yoyezera ndi chingwe, munthu asanafike n'komwe pamakina a alayimenti.

Kuloza ndi kupendekera

Pali zinthu ziwiri zazikulu zimene zimadya phewa lamkati, ndipo kuzisiyanitsa ndiye chiyambi cha ntchito yonse.

Choyamba ndi kumene matayala akutsogolo akuloza. Munthu atayang'ana galimoto kuchokera pamwamba, matayala awiriwo amayenera kukhala pafupifupi ofanana mtunda kutsogolo ndi kumbuyo kwake, monga njanji. Mphuno zake zikayandikana, amakaniko amati thowini. Zikatalikirana, ngati munthu woyenda zala zakumapazi zitaloza kunja, amati thowauti. Thowauti ndiye amadya mkati. Tayala lililonse limafuna kupita kumbali yake, galimoto n'kumalikakamiza kupita kutsogolo, choncho limagudubuzika kwinaku likukhula msewu chammbali, ndipo phewa lamkati ndi limene limatsogola pakukhulako.

Kukula kwa vutoli kumaoneka bwino pamasamu. Tayala la 175/70R14, lomwe lili pagalimoto zambiri za Toyota Sienta zamtundu woyamba, ndi lotalika pafupifupi mamilimita 600 kuchokera pansi kufika pamwamba. Mtunda wa pakati pa matayala awiriwo ukakhala waukulu ndi mamilimita 6 kutsogolo kuyerekeza ndi kumbuyo, ndiye kuti lililonse lapatuka ndi mamilimita 3 pa mamilimita 600 alionse. Pakilomita imodzi, kupatukako kumakwana mamita 5. Msewu wochokera ku Zomba kudzera ku Jali ndi ku Phalombe kukafika pa Chitakale ndi wa makilomita pafupifupi 100, kutanthauza kuti paulendo umodzi wokha tayala lililonse limakhala ngati lakokedwa chammbali paphula mtunda wa theka la kilomita. Mamilimita 6 diso silingawaone, koma ndi okwanira kutha tayala latsopano m'miyezi yochepa pagalimoto yoyenda tsiku ndi tsiku.

Chachiwiri ndi kupendekera, kumene kumagalaja amakutcha kemba. Munthu akaima kutsogolo kwa galimoto, tayala limayenera kuoneka loima chilili, kapena lopendekera mkati pang'ono kwambiri monga opanga galimoto anakonzera kuti izigwira bwino pokhota. Mutu wa tayala ukagonera mkati mopitirira muyeso, kulemera kwa galimoto kumachoka pakati n'kukatsamira phewa lamkati. Apa palibe kukhula chammbali. Pali kupsinjika kwa malo amodzi. N'chifukwa chake kemba payekha amadya tayala pang'onopang'ono poyerekeza ndi thowauti. Koma awiriwa akakumana pamwendo umodzi, wina akutsamiritsa katundu paphewa pamene mnzake akulikhula, tayala silichedwa n'komwe.

Chifukwa chake misewu ya ku Phalombe imapotoza miyendo

Galimoto sisintha yokha kaimidwe ka matayala. Pamakhala chitsulo chimene chapindika, bauti imene yatsetsereka, kapena cholumikizira chimene chatha n'kuyamba kugwedera.

Boma la Phalombe lili m'chigwa chozungulira mapiri a Mulanje ndi Michesi kutsikira kunyanja ya Chilwa, ndipo madzi otsika m'mapirimo sachitira chifundo misewu. Namondwe wa Freddy, m'mwezi wa Marichi 2023, anakokolola misewu ndi milatho m'madera monga Nkhulambe. Ngakhale m'zaka zopanda ngozi yotere, galimoto yopita m'midzi kukatenga nandolo, mpunga kapena matemba imasiya phula n'kulowa m'misewu yadothi yokhala ndi mabampu, miyala ndi mitsinje yodutsa pansi. Paphula penipeni, mdani wamkulu ndi dzenje lam'mphepete mwakuthwa ndi m'mbali mwa msewu modyeka. Poti m'Malawi galimoto zimayenda kumanzere, tayala lakumanzere ndi limene limatsika paphula popatukirana ndi lole kapena poimira wokwera, ndiye n'kukweranso mogunda. Si zodabwitsa kuti mwendo wakumanzere ndiwo umakonda kuyamba kudwala.

Kapangidwe ka galimoto zimenezi kamathandiziranso. Pa Sienta, Probox ndi zinzake zokoka ndi matayala akutsogolo, ndodo zokhotetsera matayala, zija amati matayirodi, zimagwira tayala chakumbuyo kwa pakati pake. Ndodo yotere ikapindika chifukwa chogunda mwala imafupika, ikafupika imakokera kumbuyo kwa tayala mkati, ndipo mphuno ya tayala imaloza kunja. Kugunda kumodzi kokha kungathe kubala thowauti. Mabushi, mphira zija zimene zimagwira mkono wapansi kuthupi la galimoto, nawo akang'ambika amalola tayala kubwerera m'mbuyo n'kutsegukira kunja nthawi iliyonse imene dalaivala waponda buleki. Sienta yamtundu woyamba inapangidwa kuyambira 2003 mpaka 2015, choncho yambiri imene imabwera kuchokera ku Japan imafika ndi mabushi oti adya kale zaka zoposa khumi, ngakhale penti ikuwala.

Palinso katundu. Galimoto imene inapangidwira anthu asanu ndi awiri ikamanyamula oposa pamenepo, matumba ali kumbuyo, masipuling'i amatopa n'kufupika, galimoto imakhala pansi, ndipo miyendo imagwira ntchito pamalo amene sinakonzedwere.

Kuwerenga tayala

Kuyeza kumayamba ndi kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto kuti nkhope yonse ya tayala ionekere. Kuya kwa mizere kumayezedwa malo atatu: mzere wakunja, wapakati ndi wamkati. Pali kachipangizo koyezera kuya kumeneku, koma kamtengo ka machesi kolowetsedwa mumzere, n'kukadinda ndi chikhadabo, kenaka n'kukayika parula, kamagwira ntchito yomweyo. Tayala latsopano la galimoto yaing'ono limakhala ndi mizere yakuya mamilimita 7 kapena 8. Mkati mwa mizeremo opanga matayala amaikamo timilatho tamphira totalika mamilimita 1.6, ndipo pambali pa tayala pamakhala kachizindikiro, nthawi zina zilembo TWI, kolozera pamene tili. Mphira ikafanana ndi timilathoti, ngakhale pamzere umodzi wokha wamkati, tayalalo latha. Mizere yakunja yakuya siiliwombola.

Manambala atatuwo ayenera kulembedwa, a tayala lakumanzere ndi a lakumanja, chifukwa yankho limachokera pakufananitsa. Kenaka pamabwera ntchito ya chikhatho, imene imaulula zambiri kuposa maso. Asanagwire, woyeza ayambe waona ngati mawaya sanatuluke, chifukwa amacheka ngati lumo.

Chikhatho chimayendetsedwa modutsa nkhope ya tayala, kuchokera kunja kupita mkati, kenaka kubwerera. Ngati popita mkati dzanja likukodwa m'mphepete mwakuthwa mwa mzere uliwonse, ngati mano a sowo, koma pobwerera likutsetsereka bwino, ameneyo ndi thowauti. Kukhula chammbali kumadya mbali yamkati ya mzere uliwonse n'kusiya mbali yakunja ili njo. Zikakhala mosemphana, dzanja likutsetsereka polowa n'kumakodwa potuluka, ndiye kuti ndi thowini, ndipo phewa lodyeka limakhala lakunja. Koma ngati dzanja likuyenda bwinobwino mbali zonse ziwiri, ndipo tayala langotsetsereka mosalala kuchokera kunja kokhuthala kupita mkati mopyapyala, ngati mpeni wonoledwa mbali imodzi, wolakwa ndi kemba.

Chizindikiro china chili pa kuchuluka kwa matayala odwala. Thowauti amakonda kudya matayala onse awiri akutsogolo, ngakhale ndodo yopindika ili mbali imodzi yokha. Izi zili chomwechi chifukwa galimoto ikamayenda molunjika, matayala awiriwo amagawana kupatukako pakati ndi pakati, ndipo chotsalira chimaonekera pachiwongolero, chimene chimakhala chokhota pamene galimoto ikuyenda mowongoka. Kemba alibe kugawana kotere. Amadya tayala la mwendo wopindikawo basi, linalo n'kukhala labwinobwino. Choncho tayala limodzi lodyeka mkati mosalala limaloza chitsulo cha mwendo umenewo, pamene awiri okhala ndi mano a sowo amaloza kundodo zokhotetsera.

Pali kadyekedwe kachitatu kamene kamasokoneza anthu. Phewa lamkati limakhala ndi zigwa ndi zitunda kuzungulira tayala lonse, ngati wina ankatapa mphira ndi supuni. Dzanja limazimva likamayenda motsata kumene tayala limagudubuzikira, ndipo pamsewu waphula galimoto imalira mokhala ngati bering'i yatha. Ichi ndi chizindikiro chakuti tayala likudumphadumpha kapena likugwedera: shoko yafa, tayala silinalinganizidwe kulemera kwake, kapena cholumikizira china chamasuka. Alayimenti payokha singachize zimenezi.

Zina zimangofanana ndi vutoli koma si ilo. Mpweya ukachepa, mapewa onse awiri amadyeka pakati n'kutsala. Ukachuluka, pakati ndi pamene pamatha. Mwini galimoto amene wangosuzumira mkati n'kuona phewa lodyeka ayenera kuyang'ananso lakunja asanaweruze. Muyeso woyenera wa mpweya umalembedwa pakapepala komatidwa pachipilala cha chitseko cha dalaivala, ndipo umayezedwa matayala asanatenthe. Tayala lalikulu kuposa muyeso, kapena rimu ya galimoto ina, zimatha kukhula chitsulo cha shoko, koma pamenepo chilonda chimakhala pakhoma la tayala, ndipo chitsulocho chimaoneka chopukutika mbuu pamene pakukhudzana.

Matayala a kaunjika ndiwo amanamiza koposa. Amabwera ndi mbiri ya galimoto ina ya kudziko lina, ndipo kupendekera kumene kuli pamphira yake kungakhale kwa mwendo umene unatsala kutsidya la nyanja. Chimodzimodzi tayala limene linasinthidwa malo posachedwa, kuchoka kumbuyo kubwera kutsogolo. Umboni wa tayala umagwira ntchito pokhapokha likudziwika kuti linali lotani poikidwa, ndiponso lakhala pamwendo umenewo nthawi yaitali bwanji.

Kugwedeza, kenaka kuyeza

Tayala likanena mbali yofufuza, galimoto imakwezedwa pajeke pamalo olimba, n'kuikapo chochirikiza china chodalirika, popeza jeke yokha si yoti munthu alowetse mutu pansi pake. Woyeza amagwira tayala kumanja ndi kumanzere kwake n'kuligwedeza. Kugogoda kumene kumamveka pamenepo kumachokera kawirikawiri ku tayirodi endi, kamfundo ka kumapeto kwa ndodo, kapena ku rakiendi, kamfundo kamkati kobisika m'kathumba kamphira. Mnzake akagwira kamfundoko ndi dzanja amamva kogwedera. Kenaka tayala limagwiridwa pamwamba ndi pansi. Kugwedera kwa mbali imeneyi ndi kwa bering'i kapena bolojointi, ndipo kuwasiyanitsa n'kosavuta: wina aponde buleki. Kugwedera kukatha ndiye kuti ndi bering'i, chifukwa buleki yamanga tayala kumwendo. Kukapitirira, vuto lili pabolojointi kapena pamwamba pa shoko. Mabushi a mkono wapansi amayesedwa powatekenya ndi chitsulo chochotsera matayala, n'kuona ngati mphira yang'ambika kapena yalekana ndi chitsulo chake.

Galimoto ikatsitsidwa, kuloza kwa matayala kumayezedwa ndi tepi pamalo athyathyathya, monga pakhonde la simenti. Mpweya ukhale wolingana, chiwongolero chilunjike, ndipo galimoto ikankhidwe kupita kutsogolo mamita angapo kuti miyendo ikhazikike monga imakhalira paulendo. Kumbuyo kwa tayala lililonse lakutsogolo kumalembedwa kachizindikiro kopyapyala pankhope yake, m'mwamba mmene tepi ingadutsire popanda kugunda zitsulo za kunsi, ndipo mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo umalembedwa. Galimoto imakankhidwanso kutsogolo mpaka zizindikiro zomwezo zitadutsa pamwamba n'kufika kutsogolo pamsinkhu womwewo, n'kuyezanso. Kugwiritsa ntchito zizindikiro zomwezo kumachotsa chinyengo cha rimu yopindika. Nambala yakutsogolo ikaposa yakumbuyo, thowauti watsimikizika. Galimoto zambiri zazing'ono zamtunduwu zimafuna kuti manambala awiriwo akhale pafupifupi ofanana, osasiyana kuposa mamilimita 2, ngakhale mawu omaliza ndi a buku la galimotoyo. Poti tepi imadutsa m'munsi mwa pakati pa tayala, nambala yopezekayo imachepa pang'ono poyerekeza ndi kupatuka kwenikweni.

Kemba amayezedwa monga mmisiri womanga nyumba amayezera khoma. Chingwe chomangirira nati kumapeto chimalendewera kuchokera pachitsulo cha pamwamba pa tayala, kudutsa pakati pa rimu osaikhudza. Rula imayeza mtunda wochokera pachingwe kufika pamlomo wa rimu, pamwamba ndi pansi. Wapamwamba ukakula, tayala lagonera mkati. Parimu ya mainchesi 14, kusiyana kwa mamilimita pafupifupi 7 ndi digiri imodzi. Mamilimita atatu kapena anayi si nkhani. Chofunika kwambiri ndi kufananitsa mbali ziwirizo, chifukwa galimoto inachoka kufakitale miyendo yake ili yofanana. Zikasiyana ndi mamilimita oposa 5, pali chimene chasuntha. Pansi pakakhala popendekera, manambala onsewa amanama, ndiye ndi bwino kutembenuza galimoto pamalo omwewo n'kuyezanso.

Chitsanzo cha Sienta imodzi

Chitsanzo chongoyerekeza chingaonetse mmene zizindikirozi zimalumikizirana. Sienta yonyamula anthu pakati pa Migowi ndi Chiringa inaikidwa matayala awiri atsopano kutsogolo, a mizere ya mamilimita 7, miyezi inayi yapitayo. Lero lakumanja likuonetsa 6 kunja, 5 pakati ndi 3 mkati. Lakumanzere likuonetsa 6 kunja, 5 pakati ndi 1 mkati. Dalaivala sakudandaula chilichonse kupatula kuti chiwongolero chimakhala chokhotera kumanja pang'ono akamayenda molunjika.

Mapewa akunja ali bwino, choncho mpweya si wolakwa. Matayala onse awiri adyeka mkati ndipo dzanja likukodwa polowa pa onse awiri, kusonyeza thowauti. Tepi ikuvomereza: mamilimita 1,455 kumbuyo ndi 1,461 kutsogolo. Chiwongolero chokhotera kumanja chikusonyeza kuti tayala lopatuka kwambiri ndi lakumanzere, limene likuloza kumanzere, dalaivala n'kumalibweza osadziwa. Pogwedeza, rakiendi ya kumanzere ikugogoda.

Apa ndi pamene ambiri amaimira, n'kugula rakiendi, n'kulipira alayimenti. Koma manambala aja ali ndi funso limene silinayankhidwe. Thowauti amagawidwa mofanana, nanga n'chifukwa chiyani lakumanzere latsala ndi milimita imodzi pamene lakumanja lili ndi atatu? Chingwe chikupereka yankho. Kumanja, pamwamba pali mamilimita 52 ndipo pansi 48, kusiyana kwa 4. Kumanzere, pamwamba 58 ndipo pansi 45, kusiyana kwa 13, komwe ndi pafupifupi madigiri awiri. Mwendo wakumanzere wagonera mkati. Kupendekera kotere kumakankhira galimoto kumanja, koma poti misewu imamangidwa yotsetserekera kumbali kuti madzi azitsika, zomwe zimakokera galimoto kumanzere, mphamvu ziwirizo zimatha kufafanizana dalaivala osamva kanthu.

Chotsala ndi kupeza chimene chapindika. Tepi yoyezedwa kuchokera pakati pa rimu kufika pamlomo wa chitsulo cha pamwamba pa tayala ikupereka nambala yofanana mbali zonse, choncho sipuling'i sinagwe. Kumanja kulibe kupendekera kunja kolingana ndi kwa kumanzere, kumene kukanasonyeza kuti chitsulo chachikulu chonyamula mikono yonse iwiri chatsetserekera mbali imodzi. Kenaka zala zikulowetsedwa pakati pa khoma lamkati la tayala ndi thupi la shoko. Kumanja zikulowa ziwiri, kumanzere chimodzi chokha. Pagalimoto yotere shoko si yongoletsa kudumpha. Ndi mzati umene umaimiritsa tayala. Mpata ukachepa mbali imodzi ndiye kuti kupindikako kuli pakati pa shoko ndi tayala: shoko yeniyeniyo yapindika m'munsi, mabauti awiri oigwira atsetsereka, kapena chitsulo chonyamula bering'i chakhota. Mpata ukanakhala wofanana, kufufuza kukanapita kumkono wapansi ndi pamene shoko imamangirira kuthupi la galimoto.

Kukonza kumatsata dongosolo limeneli: kusintha rakiendi, kusintha shoko, makamaka zonse ziwiri zakutsogolo kuti zigwire ntchito mofanana, kuyezanso ndi chingwe, ndipo kupendekera kukapanda kutha, kusintha chitsulo chonyamula bering'i. Alayimenti imabwera pamapeto penipeni. Tayala lakumanzere latha ndipo liyenera kutayidwa. Lakumanja lingapitirize ntchito, ngakhale silidzabwereranso kukhala lolingana.

Kumbuyo

Matayala akumbuyo nawo amadyeka mkati, ndipo amabisika koposa chifukwa sakhota; munthu amayenera kugwada kuti awaone. Sienta ndi Honda Freed zokoka ndi matayala akutsogolo zili ndi mtanda umodzi wachitsulo wolumikiza matayala akumbuyo. Mtanda umenewu uli ndi kupendekera kwake kochepa kochokera kufakitale ndipo ulibe posinthira. Ukapindika chifukwa cholowa m'dzenje galimoto italemedwa, mankhwala ake ndi mtanda wina, osati sipanala. Kuuwongola ndi moto kumafooketsa chitsulo. Minibasi monga Toyota HiAce zili ndi ekiselo yolimba kumbuyo, imene matayala ake amaima chilili nthawi zonse. Phewa lamkati likamadyeka pamenepo, kukayikira kumagwera bering'i kapena ekiselo yopindika ndi katundu. Bauti yapakati ya masipuling'i ikaduka, ekiselo imatsetsereka mbali imodzi ndipo minibasi imayenda chankhanu, zimene woyenda pambuyo pake amaziona mosavuta kuposa woyendetsa.

Zimene alayimenti ingathe ndi zimene singathe

Makina a alayimenti, omwe amapezeka kwambiri m'mizinda monga Blantyre, amayeza molondola kuposa tepi ndi chingwe, ndipo amaona miyendo inayi nthawi imodzi. Ulendo wopita kumeneko kuchokera ku Phalombe umadya mafuta ndi tsiku lantchito, choncho ndi wofunika kuupanga galimoto itakonzedwa kale. Makina amayeza galimoto itaima. Ngati kamfundo kakugwedera kapena bushi yang'ambika, manambala amaoneka abwino pakanema wa makinawo, koma amasintha galimoto ikangoponda hampu yoyamba. Galaja yosamala imagwedeza miyendo isanamangirire zoyezera, ndipo imabweza galimoto yogwedera m'malo molandira ndalama.

Pagalimoto zambiri zazing'ono, chimene chimasinthika mosavuta ndi kuloza kwa matayala akutsogolo kokha. Makaniko amamasula nati yomanga n'kupotokola ndodo, ndipo pagalimoto imene ndodo zake zili kumbuyo kwa pakati pa tayala, kuchotsa thowauti ndi kutalikitsa ndodozo. Ntchitoyi ndi ya pang'onopang'ono, popeza kuzungulira kumodzi kwathunthu kumasuntha tayala mamilimita oposa 5. Ndodo ziwirizo ziyenera kusinthidwa chiwongolero chitamangidwa pakati. Kuzula chiwongolero n'kuchibwezera mowongoka kumangobisa chizindikiro, ndipo galimoto imatsala ikukhota kwambiri mbali ina kuposa inzake.

Kemba alibe posinthira pagalimoto zambiri zotere. Alipo mabauti apadera olowa pamene shoko imagwirana ndi chitsulo chonyamula bering'i, omwe amabweza kupendekera kochepa, koma sanapangidwire kubisa chitsulo chopindika. Mwini galimoto ali ndi ufulu wopempha pepala la manambala a makinawo, a poyamba ndi a pomaliza. Nambala ya kemba ikatsala kunja kwa muyeso papepalapo, ntchito sinathe, ngakhale chiwongolero chawongoka.

Pali chizolowezi chochotsa tayala lodyeka mkati parimu n'kulitembenuza kuti phewa labwino lilowe mkati. Zimenezi zimatheka pokhapokha phewa lodyekalo likadali pamwamba pa timilatho tija, ndiponso ngati tayalalo silinalembedwe OUTSIDE pakhoma lake, chifukwa lolembedwa choncho lili ndi mbali yake yokhazikika. Lokhala ndi muvi wa ROTATION likatembenuzidwa liyenera kusamukira mbali ina ya galimoto kuti muviwo uzilozabe kutsogolo. Tayala limene laonetsa ulusi kapena mawaya silitembenuzidwa ndipo siliyenera kusamutsidwira kumbuyo: madzi amalowa m'mawayamo n'kuwachititsa dzimbiri, malamba amkati amalekana, ndipo tayala lakumbuyo likaphulika galimoto ili paliwiro imakhala yovuta kuiwongola kuposa likaphulika lakutsogolo.

Umboni wakuti kukonza kwagwira umachokeranso patayala lomwelo. Mzere wachoko wokhuthala umajambulidwa modutsa nkhope ya tayala lililonse lakutsogolo, galimoto n'kuyenda molunjika paphula mamita ochepa. Choko chikafufutika mofanana kuchokera kunja mpaka mkati, tayala likuponda lonse. Chikatha mkati n'kutsala kunja, mwendo ukadali wogonera. Thowauti wotsalira amadziwika pakapita makilomita pafupifupi 1,000, pamene manambala atatu aja ayezedwanso n'kufananitsidwa ndi a tsiku loika tayala, ndipo chikhatho chayendetsedwanso kuchokera kunja kupita mkati kuti chimve ngati mano a sowo ayambanso kumera.